Moni Kaye, za Ntchito Pambuyo: Kubwerera kwa Mnzako Wakale wa Kuntchito

Aliyense amene analembedwa ntchito pa kampani yomveka amaudziwa uthenga uwu. Umabwera pa WhatsApp kuchokera ku nambala imene yakhala chete zaka zinayi, ndipo umayamba ndi mawu akuti "Kusowatu bwana!" Mphindi ziwiri zisanathe pamabwera wina: "Kumeneko kulibe kantchito?" Wolandirayo asanayankhe n'komwe, chikalata cha mbiri ya maphunziro ndi ntchito, chimene ambiri amangoti sivi, chafika kale, ndipo pansi pake pali mawu akuti "mundiponyereko kwa abwana anu."

Ambiri olandira uthenga wotere sakwiya ayi. Amangosowa chonena. Amayankha kuti "ndikamva ndikuuzani," nkhani n'kuthera pomwepo. Wotumiza uja amatsala akudandaula kuti mnzake wayamba matama chifukwa zake zayera, chonsecho iye anagogoda pa khomo loyenera. Chimene chinalakwika ndi funso limene anafunsa komanso nthawi imene analifunsira.

Zoti khomolo ndi loyenera, akatswiri anazionetsa kalekale. Mark Granovetter, katswiri wa ku America wa za kakhalidwe ka anthu, anafufuza mmene amuna 282 a ntchito za m'maofesi ndi zaukatswiri a m'tauni ya Newton, pafupi ndi mzinda wa Boston, anapezera ntchito zawo. Anapeza kuti oposa theka, pafupifupi 56 mwa 100 alionse, anamva za ntchitoyo kwa munthu wowadziwa. Izi zokha sizinali zodabwitsa. Chodabwitsa chinatuluka atafunsa ena mwa iwo kuti munthu amene anawatsina khutuyo ankaonana naye kangati. Amene ankaonana naye kawirikawiri, kawiri pa sabata kapena kuposa, anali pafupifupi 17 mwa 100 alionse basi. Oposa theka ankaonana naye mwa apo ndi apo, ndipo pafupifupi 28 mwa 100 alionse ankaonana naye kamodzi pa chaka, ena osafika n'komwe pamenepo. Granovetter anafalitsa zimenezi mu 1973 ndi 1974, ndipo ambiri mwa otsina khutu aja anali anthu odziwana nawo kudzera ku ntchito.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Anzake a munthu a ponda apa nane mpondepo amapemphera naye mpingo umodzi, amakwera naye minibasi imodzi, amamva mphekesera zomwezo. Ntchito imene iwo akuidziwa, iyenso waimva kale. Munthu amene anasiyana naye kalekale ndi amene ali kumalo ena, akumva zina. Paja akuluakulu amati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa.

Koma mnzake wakale wa kuntchito amaposa mlendo, chifukwa ali ndi chinthu chimene mlendo alibe: anamuonapo munthuyo akugwira ntchito. Amadziwa ngati ankafika pa nthawi, ngati ankamaliza zimene wayamba, ngati ndalama za kampani zinkasungika m'manja mwake. Mu 2011, akatswiri atatu, Daniel Levin, Jorge Walter ndi Keith Murnighan, anafalitsa zimene anapeza atapempha mabwana a makampani oposa 200 kuti aliyense afunefune anthu amene sanalankhule nawo kwa zaka zosachepera zitatu, n'kuwapempha nzeru pa ntchito imene anali nayo pa nthawiyo. Ambiri anachita zimenezi monyinyirika. Koma nzeru zimene analandira zinali zothandiza mofanana, ndipo nthawi zambiri kuposa zimene ankalandira kwa anthu ocheza nawo tsiku ndi tsiku. Zinali nzeru zatsopano, zinapezeka m'nthawi yochepa, ndipo kukhulupirirana kwa kale kunali kusanathe.

Kunyinyirika kwa mabwana aja n'kwa anthu onse. Munthu amaganiza kuti, "Ndakhala chete zaka zonsezi, lero ndiyambira pati?" Mu 2024, Lara Aknin wa ku yunivesite ya Simon Fraser ku Canada ndi Gillian Sandstrom wa ku yunivesite ya Sussex ku Britain anapeza kuti anthu osakwana mmodzi mwa atatu alionse ndi amene anatumizadi uthenga kwa mnzawo wakale, ngakhale ankafuna kutero, njira yomupezera anali nayo, ndipo anapatsidwa nthawi yolembera. Zaka ziwiri m'mbuyo mwake, gulu lotsogozedwa ndi Peggy Liu wa ku yunivesite ya Pittsburgh linapeza mbali ina ya nkhaniyi: olandira moni wosayembekezeka amasangalala nawo kuposa mmene wotumiza amaganizira. Ndiye kuti moniwo si umene umavuta. Chovuta ndi katundu amene anthu amamangirira pa moniwo.

Dzina la mnzako ndi chikole

Munthu wa m'kati mwa kampani akauza bwana wake kuti "uyu ndikumudziwa, ndi wolimbikira," waika dzina lake pa chikole. Wolembedwayo akadzakhala waulesi, kapena ndalama zikadzasowa m'manja mwake, bwana adzakumbukira amene anamubweretsa. Makampani amakonda anthu obwera mwa njira imeneyi pa chifukwa chomwechi. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2015, woona makampani asanu ndi anayi a zamtengatenga, za makompyuta ndi zoyankha makasitomala pa foni, anapeza kuti anthu otchulidwa ndi wantchito wa m'kati amalembedwa ntchito mosavuta kuposa ena, ndipo sasiya ntchito msanga. Mawu a wa m'kati amalemera chifukwa iye ali ndi chotaya.

Tsono taganizani za munthu amene walandira sivi kuchokera kwa mnzake amene anaonana naye komaliza zaka zinayi zapitazo. Sakudziwa zimene zachitika m'zaka zimenezo. Kodi akadali pa ntchito ija? Ngati anachoka, anachoka yekha kapena anachotsedwa? Anaphunzirapo china? Kufunsa zimenezi mwachindunji n'kovuta, chifukwa kumaoneka ngati kukayikira mnzako. Kukana nakonso n'kovuta. Chotsala ndi "ndikamva ndikuuzani."

Pali chinanso chimene ofuna ntchito amaiwala. Ogwira ntchito ambiri salemba anthu ntchito. Kalaliki wa kusitolo, dalaivala, ngakhale akauntanti, alibe mphamvu pa mkulu woona za antchito. Kumufunsa kuti "mundipezere ntchito" n'kumupempha chinthu chimene alibe, ndipo munthu akapemphedwa chimene alibe amachita manyazi n'kuyamba kuzemba foni. Chimene ali nacho ndi kudziwa za m'katimo: ntchito zimatsegulidwa liti, amene amasankha anthu ndi ndani, amayang'ana chiyani, nanga pamalopo pali bwanji. Zimenezi angathe kuzipereka popanda kutaya kalikonse, ndipo kulumikizananso kwabwino kumayambira pamenepa.

Tiyerekeze ndi mayi wina

Tiyerekeze kuti pali mayi amene wagwira ntchito ya ukalaliki wa maakaunti pa holoselo ina ku Limbe kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Akufuna kulowa pa kampani ina ya mathiraki ku Kanengo, mumzinda wa Lilongwe. Wamva kuti bambo amene ankakhala naye ofesi imodzi, amene anachoka zaka zinayi zapitazo, ali m'dipatimenti ya zachuma pa kampaniyo.

Asanagwire foni, mayiyu ali ndi ntchito ya madzulo amodzi. Ayenera kutsimikiza kuti bamboyo akadali pa kampaniyo komanso udindo wake, poona pa LinkedIn kapena Facebook, kapena pofunsa wina amene ankagwira nawo ntchito. N'zochititsa manyazi kuyamikira munthu chifukwa cha ntchito imene anachotsedwa miyezi itatu yapitayo. Ayeneranso kudziwa zazikulu zimene zamuchitikira. Ngati bamboyo anaferedwa mayi ake chaka chatha ndipo iye sanapite kumaliro kapena kutumiza chipepeso, uthenga woyamba ukhale wopepesa maliro, popanda china chilichonse.

Kenako adzifunse moona mtima kuti anasiyana bwanji. Apa m'pamene ambiri amapunthwa. M'maofesi athu muli chipereganyu, muli kubwerekana ndalama za thiransipoti pakati pa mwezi, muli kukangana pa za ovataimu. Wobwereka amaiwala, wobwereketsa saiwala. Ngati mayiyu anatsala ndi ngongole ya K20,000 kwa bamboyo, ayambe wabweza, ndipo pakati pa kubwezako ndi pempho lililonse papite nthawi ndithu, kuti zisaoneke ngati akugula chifundo. Ngati anasiyana atayambana kwenikweni, ndi bwino kufuna munthu wina wa pa kampaniyo, chifukwa mboni imene ili ndi mangawa imawononga kuposa kusowa mboni.

Zonse zikakhala bwino, alembe. Nthawi yolembera nayo ili ndi nzeru yake. Anthu a maakaunti amakhala otanganidwa kumapeto ndi kumayambiriro kwa mwezi, pokonza malipiro ndi kutseka mabuku, komanso tsiku la 25 likamayandikira, pamene msonkho wa VAT umayenera kukhala utaperekedwa ku MRA. Mayiyu akuzidziwa zimenezi chifukwa ndi ntchito yake yomwe. Asankhe tsiku la pakati pa sabata lopanda phuma, masana kapena chakumadzulo anthu ataweruka, osati usiku pamene mkazi wa bamboyo angadabwe kuti akulemba ndi ndani. Uthenga wake ungakhale wotere:

"Achimwene, muli bwanji? Ndine uja tinkakhala ofesi imodzi ku Limbe, wa desiki ya pawindo. Dzulo ndimaphunzitsa mtsikana watsopano kuyanjanitsa buku la ndalama ndi sitetimenti ya kubanki, ndiye ndinakumbukira mmene munandiphunzitsira inu chaka changa choyamba. Ndinamva kuti muli ku Kanengo tsopano. Kukuyenda bwanji kumeneko? Alamu ndi ana ali bwanji?"

Mu uthengawu mayiyu wadzitchula bwinobwino, chifukwa mafoni amatayika ndipo manambala amafufutika, ndipo funso lakuti "ndani kodi?" limaziziritsa macheza asanayambe. Watchula chinthu chimodzi chenicheni chimene awiriwa anachitira limodzi, ndipo chinthucho ndi cha ntchito, moti bamboyo akumukumbukira ali pa desiki, akugwira ntchito. Wamuitana mmene ankamuitanira kale. Kuyamba kumutchula kuti "bwana mkubwa" munthu amene unkadya naye chipisi pa nkhomaliro kumanunkha pempho lisanafike. Ndipo mulibe sivi, mulibe kudandaula za mavuto, mulibe funso limene lingamuike pa mpanipani. Uthenga wa mawu ojambula wa mphindi zinayi, kapena kufulasha kuti iye ndiye aimbe, zimawononga zonsezi.

Kodi si chinyengo chimenechi?

Funso limeneli ndi loyenera, ndipo yankho lake lili pa kutalika kwa nthawi. Pali ena amene amalangiza kuti munthu acheze ndi mnzake wakaleyo miyezi itatu, azitumiza mavesi m'mawa uliwonse ndi kuyamikira zithunzi zake zonse, kenako n'kudzatulutsa pempho. Kumeneko ndiye kunyenga, ndipo anthu si ana. Tsiku limene pempholo lidzatuluke, bamboyo adzayang'ana m'mbuyo n'kuona kuti mavesi onse aja anali nyambo.

Moni woyamba ntchito yake ndi yaing'ono. Ndi kuona ngati chibale chija chikadalipo, ndi kupatsa winayo mpata woyankha ngati munthu, asanayankhe ngati wantchito wa kampani. Pa mwambo wathu, wobwera ndi nkhani pakhomo amayamba wakhala pansi n'kulonjerana ndi eni khomo, koma sagona masiku atatu asananene chimene wadzera. Bamboyo akayankha mwansangala, mayiyu acheze naye pang'ono, amuuze za anzawo akale, ndipo pakapita masiku owerengeka, osapitirira sabata imodzi kapena ziwiri, anene chilungamo:

"Achimwene, ndisakubisireni, ndikuganiza zosintha ntchito, ndipo kampani yanuyo ndi imodzi mwa zimene ndikuziyang'ana. Sindikupempha kuti mundilowetse ayi. Ndimafuna mundiuzeko mmene kulili, popeza inu muli m'katimo. Mungapeze mphindi khumi ndi zisanu sabata ino kuti ndikuimbireni? Ngati mwatanganidwa, palibe vuto."

Nanga ngati ntchito yalengezedwa kale m'nyuzipepala ndipo tsiku lotsekera ndi Lachisanu? Pamenepo nthawi yodikira palibe, ndipo kunamizira kuti wangokumbukira mnzake kungakhale bodza loonekeratu. Mayiyu apereke moni, apepese kuti wakhala chete nthawi yaitali ndipo akutulukira ndi nkhani, kenako anene za ntchitoyo mu uthenga womwewo. Anthu ambiri amalemekeza munthu wonena mosabisa. Koma pempho likhalebe laling'ono: kufunsa mmene ntchitoyo ilili, osati kuti amunenerere.

Mphindi khumi ndi zisanu zija

Woimba ndi mayiyu, pa mayunitsi ake, pa nthawi imene anagwirizana. Ngati akumana pamaso, wolipira zakumwa ndi iyenso. Ayambe ndi kudzaza zaka zinayi zimene bamboyo sakuzidziwa, m'masentensi awiri kapena atatu: akadali ku Limbe, anamaliza dipuloma ya ICAM chaka chatha, ndipo tsopano ndi amene amakonza za misonkho ya kampani pa Msonkho Online. Atero osati podzitama, koma kuti bamboyo akhale ndi chonena tsiku limene wina adzamufunse kuti, "Mayi ameneyu amatha chiyani?"

Akatero afunse, ndipo amvetsere kwambiri kuposa kulankhula. Mafunso atatu kapena anayi ndi okwanira. Dipatimenti yanu imalemba anthu nthawi ziti, ndipo mumalengeza kuti? Anthu amene analembedwa posachedwapa anali ndi chiyani chimene ena analibe? Chimene chimavuta kwambiri pa ntchito imeneyi n'chiyani? Mukanakhala ine, mukanabwera?

Mayankho ake ndi amene sapezeka m'chilengezo cha ntchito. Bamboyo angamuuze kuti pa pepala amangolemba za dipuloma ndi zaka zitatu za ntchito, koma mutu wa abwana umawawa ndi maakaunti a mafuta ndi ndalama za pa ulendo za madalaivala opita ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, amene amabwera ndi malisiti a ndalama za mayiko osiyanasiyana, ena ofufutika ndi thukuta. Mayiyu akamva zimenezi, akudziwa chimene aike pamwamba m'sivi yake. Ku holoselo kuja wakhala akuyanjanitsa malisiti a madalaivala okagulitsa katundu m'maboma, ntchito imene ankaiona ngati yosayenera kuitchula n'komwe. Tsopano ikhala mzere woyamba, ndipo pa intavyu adzakhala ndi chitsanzo chogwirika.

Funso lomaliza lija, lakuti "mukanabwera?", lingapulumutse munthu. Bamboyo angatsitse mawu n'kunena kuti malipiro akuchedwa miyezi iwiri, kapena kuti ndalama za penshoni zikudulidwa koma sizikufika kumene ziyenera kupita, kapena kuti pa mpando umenewo padutsa anthu atatu m'zaka ziwiri chifukwa cha mkulu wa dipatimentiyo. Munthu amene anangoponyeredwa sivi sanganene zimenezi. Amazinena kwa mnzake amene wamufunsa nzeru.

Mayiyu nayenso asamale pakamwa. Asanyoze abwana ake a ku Limbe, ngakhale bamboyo atayamba yekha kuwanena, chifukwa anthu a ntchito imodzi m'dziko muno ndi ochepa ndipo amadziwana. Apemphenso momveka kuti nkhani yoti akufuna kuchoka ikhale pakati pa awiriwo. Bamboyo akhoza kukhala kuti akadali pa gulu la WhatsApp la anzawo akale, ndipo mawu amodzi onena mosaganiza angafike kwa abwana a mayiyu iye asanalembe n'komwe kalata yofunsira ntchito.

Pempho lenileni limabwera kumapeto, ndipo mapempho amasiyana kulemera. Kupempha kuti amudziwitse ntchito ikalengezedwa n'kopepuka. Kupempha kuti ayang'ane sivi n'kumuuza pofunika kukonza kumatenga nthawi ya munthu koma sikukhudza dzina lake. Kupempha chilolezo chomutchula m'kalata yofunsira ntchito, kapena kuti akanene mawu kwa mkulu wa dipatimenti, kapena kuti akhale mmodzi mwa omuchitira umboni, ndiko kumene kumafika pa chikole chija. Mayiyu ayambe ndi chopepuka. Kawirikawiri munthu amene ali ndi mtima wothandiza amadzipereka yekha pa zolemerazo. Ngati sanatero ndipo ntchito yalengezedwa, angafunse, koma amusiyire potulukira: "Ngati malamulo a kampani kapena zinthu zina sizikulolani, ndimvetsa." Kutchula dzina la munthu m'kalata kapena pa intavyu iye asanavomere ndi kulakwa kumene kumathetsa chibale.

Kumva yankho losanenedwa

Anthu a kuno sakonda kunena kuti "ayi" pamaso, choncho wofuna ntchito aphunzire kumva. Munthu wofunadi kuthandiza amafunsa mafunso: dipuloma munamaliza liti, pulogalamu ya maakaunti imene mumagwiritsa ntchito ndi iti, mungasamukire ku Lilongwe? Amatchula mayina a maudindo, miyezi, ndiponso zoti "nditumizireni sivi ija Lolemba." Wosafuna, kapena wosatha, amayankha ndi mawu aulemu opanda tsiku: "tiona," "Mulungu atsegula njira," "ndikamva ndikuuzani." Ameneyu asaumirizidwe. Mwina nayenso mpando wake ukugwedezeka, mwina anatchulapo wina amene anamuchititsa manyazi.

Uthenga woyamba ukapanda kuyankhidwa, kukumbutsa kamodzi pakatha sabata kapena masiku khumi n'kokwanira. Kupitirira apo n'kusautsa. Ndipo mawu oti "mwatitaya chifukwa mwalemera," ngakhale atanenedwa moseka, amatseka khomo limene mwina likanatseguka chaka chamawa.

Ntchito ikalengezedwa, mayiyu afunsire kudzera m'njira imene kampani yanena, pa nthawi yake, ndi zikalata zonse. Mawu a bamboyo angathandize kuti kalata yake iwerengedwe mwachidwi pakati pa makalata mazana, koma salowa m'malo mwa kalatayo. Zotsatira zikatuluka, zabwino kapena zoipa, amudziwitse ndi kumuthokoza. N'zopweteka kwa munthu amene ananena mawu kwa abwana ake kudzamva kwa ena kuti mnzake uja anaitanidwa ku intavyu koma sanapite.

Pamene thandizo limasanduka mlandu

Malire alipo, ndipo ndi oonekeratu. Kumva mmene kampani imagwirira ntchito ndi kufunsa nzeru. Kupempha mafunso a intavyu, kupempha kuti kalata ilowetsedwe tsiku lotsekera litadutsa, kapena kupereka "ya fanta" kuti dzina likwere pa mndandanda, ndi katangale. Lamulo lothana ndi ziphuphu la 1995, limene linakhazikitsa bungwe la ACB, silikhudza ogwira ntchito m'boma okha. Limafikanso ku makampani omwe si aboma. Ndipo woyamba kutaya ntchito zikaululika ndi mnzake uja amene amati akuthandiza.

Palinso akuba amene alowerera pa njira imeneyi. Amaba nambala ya WhatsApp kapena tsamba la Facebook la munthu, n'kumalembera anzake akale kuti kwatseguka ntchito, koma pakufunika ndalama ya fomu kapena ya kuchipatala yoti itumizidwe pa Airtel Money kapena Mpamba lero lomwe. Kampani yolongosoka silipiritsa munthu kuti imulembe ntchito. Uthenga wotere ukabwera m'dzina la mnzako wakale, chofunika n'kumuimbira kuti mawu ake amveke, ndi kumufunsa chinthu chimene awirinu nokha mukuchidziwa.

Kwa amayi pali msampha wina. Bambo wina akamva kuti mayi akufuna ntchito, amasintha nkhani: kukumana kwa masana kumasanduka kwa usiku, malo odyera amasanduka malo ogona alendo. N'chifukwa chake kukambirana pa foni kapena pamalo poonekera, masana, kuli bwino kuyambira pachiyambi. Zikayamba kupita kumeneko, mayi asiye pomwepo ndipo asunge mauthengawo. Lamulo loona kuti pasakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi la 2013 limati kuvutitsa munthu pa nkhani zogonana ndi mlandu.

Komabe amayi sangangosiya kulumikizana ndi anzawo aamuna akale, ndipo chifukwa chake chinaoneka pa kafukufuku amene anachitikira ku Malawi konkuno. Lori Beaman, Niall Keleher ndi Jeremy Magruder anagwira ntchito ndi bungwe la IPA pamene linkafuna anthu ofunsa mafunso a kafukufuku. Aliyense wofunsira ntchitoyo anapemphedwa kuti abweretse mnzake amene angaithe. Ena anauzidwa kuti abweretse aliyense, ena mwamuna, ena mkazi. Zotsatira zake, zimene zinafalitsidwa mu 2018, zinaonetsa kuti amuna akasiyidwa kuti asankhe okha, pafupifupi atatu mwa anayi alionse ankabweretsa mwamuna mnzawo. Kuwalonjeza ndalama akabweretsa munthu wokhoza bwino sikunasinthe khalidweli, ndipo amayi amene akazi anzawo ankawabweretsa sanakwane kutseka mpatawo. Koma amuna omwewo atauzidwa mwachindunji kuti abweretse mkazi, ankabweretsa akazi oyenera ntchitoyo. Ankawadziwa ndithu, kungoti sankawaganizira.

Ndiye kuti bambo wa ku Kanengo uja, abwana ake akadzamufunsa ngati akudziwa kalaliki wodalirika, dzina loyamba kumubwerera likhoza kukhala la mwamuna amene amaonera naye mpira Loweruka, ngakhale akudziwa bwino kuti mayi wa ku Limbe amaposa ameneyo pa ntchito. N'chifukwa chake mayiyu asasiye nkhaniyi m'malere poganiza kuti bamboyo amva yekha. Pomaliza macheza awo anene dzina la ntchito imene akufuna, ukalaliki wa maakaunti kapena wothandizira akauntanti, anene kuti ndi wokonzeka kusamukira ku Lilongwe, ndipo anenenso kuti kumene ali ayenera kupereka notisi ya mwezi umodzi asanachoke.